Kudzudzula wantchito pa imelo popanda kumunyoza

Mabwana ambiri wantchito akalakwitsa amachita chimodzi mwa zinthu ziwiri. Ena amapsa mtima n'kulemba imelo yaukali nthawi yomweyo. Ena amazungulira ndi mawu okoma mpaka wolandirayo osadziwa n'komwe kuti akudzudzulidwa. Onsewa sathandiza munthu kusintha. Imelo yabwino imatchula ntchito imene yalakwika, osati khalidwe limene bwana akumuganizira munthuyo.

Tiyerekeze kuti kalaliki wa za chuma amayenera kupereka lipoti la mwezi pofika pa 5 mwezi wotsatira, koma wachedwa nalo miyezi itatu yotsatizana. Bwana wanzeru sayamba ndi imelo. Amamuitana kaye mu ofesi, n'kukambirana awiriwiri. Mwina mnzake adasiya ntchito ndipo kalalikiyo akusenza ntchito ya anthu awiri. Mwina malisiti ochokera ku nthambi amafika mochedwa. Imelo imabwera pambuyo, kuti zimene mwakambiranazo zikhale zolembedwa. Ingathe kukhala yotere:

“Bambo, zikomo chifukwa chobwera kudzakambirana nane dzulo. Monga ndinanenera, lipoti la Januwale linafika pa 12 Febuluwale, la Febuluwale pa 14 Malichi, la Malichi pa 11 Epulo, pamene tsiku lake ndi pa 5. Chifukwa cha kuchedwaku, tinalephera kulipira panthawi yake anthu otigulitsa katundu. Zimenezi sizingapitirire. Lipoti la Epulo ndikuliyembekezera pofika pa 5 Meyi. Munanena kuti malisiti a ku nthambi amachedwa. Ndawauza kuti azitumiza pofika pa 2. Tidzakumananso pa 8 Meyi kuti tione ngati zasintha. Ngati pali chimene sindinalembe molondola, kapena vuto lina limene simunanditchulire, mundiyankhe pofika Lachisanu.”

Taonani kuti m'kalatayi mulibe mawu akuti “ndinu waulesi” kapena “nthawi zonse mumachedwa”. Ulesi sungayezedwe, ndipo munthu akauzidwa choncho amayamba kudziteteza m'malo momva. Mawu akuti “nthawi zonse” nawonso ndi msampha, chifukwa wantchitoyo akangokumbukira mwezi umodzi umene sanachedwe, dandaulo lonse lagwa. Koma masiku atatu aja palibe angawatsutse. Ali m'kompyuta, aliyense angathe kuwaona.

Kulimba kwa imeloyi kuli pa chiganizo chachifupi chija chakuti “Zimenezi sizingapitirire”, ndi pa tsiku limene laikidwa. Bwana sanapepese, sanabisenso chidzudzulo pakati pa mawu oyamikira. Chilungamo chake chili pa zinthu ziwiri: bwana walemba mbali imene iye achite kuti athandize, ndipo wapereka mpata woyankha. Ulemu nawo sunachoke. Ngakhale kalalikiyo atakhala wamng'ono msinkhu, akutchulidwa kuti Bambo ndipo akulemberedwa ndi “inu”.

Samalaninso ndi amene mukuwatumizira. Kuika ogwira ntchito anzake pa CC ndi chimodzimodzi kumukalipira pagulu, ndipo manyazi amabala chidani, osati kusintha. Ngati malamulo a pantchito panu amafuna kuti ofesi yoona za antchito idziwe, ikeni poonekera ndipo mwiniwakeyo mumuuze. Kugwiritsa ntchito BCC mwakabisira kumapha chikhulupiriro tsiku limene zidzaululike. Mukalemba muli ndi mkwiyo, musatumize. Igone, muiwerengenso m'mawa.

Nkhaniyi ikukhudzanso malamulo. Ku Malawi, lamulo la za ntchito la chaka cha 2000, pa gawo 57, limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka, komanso asanapatsidwe mpata wodziteteza pa zimene akumuneneza. Mlandu ukafika ku bwalo loweruza milandu ya za ntchito, wolemba ntchito ndiye amayenera kuonetsa chifukwa chimene anamuchotsera. Apa imelo ya masiku enieni ndi thandizo lolembedwa imakhala umboni, pamene imelo yachipongwe imatembenukira mwini wake. Komabe imelo ngati imeneyi siilowa m'malo mwa kuitana munthu kuti adzayankhe mlandu. Ngati ili chenjezo lolembedwa, nenani poyera kuti ndi chenjezo. Ngati ndi langizo chabe, musaopseze ndi kuchotsa ntchito.

Mungadziwe bwanji kuti imelo yanu yalembedwa bwino? Musanatumize, dzifunseni ngati wolandirayo angathe kunena yekha chimene walakwitsa, chimene achite, ndi tsiku lomaliza. Dzifunseninso ngati mawu aliwonse mungawanene mukumuyang'ana m'maso. Akulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, koma unansiwo umaoneka pambuyo pake. Pa 8 Meyi pakafika, mukumane nayedi monga munalonjezera, ndipo lipoti likafika panthawi yake, mumulembere imelo ina yomuuza kuti mwaona kusinthako.