Mutu wa malonda pa Google: zilembo 30 basi

Munthu akalemba pa Google kuti akufuna malo ogona ku Salima, pamwamba pa zimene wapeza pamakonda kubwera timizere ta malonda. Timizereti timaoneka ngati tolembedwa kamodzi, koma kwenikweni ndi zidutswa zimene makina a Google alumikiza nthawi yomweyo.

Kuyambira pa 30 Juni 2022, Google Ads inasiya kulola anthu kupanga malonda akale a mawu osasuntha. Masiku ano wamalonda amapereka mitu yosachepera 3 mpaka 15, uliwonse wa zilembo zosapitirira 30, ndi mafotokozedwe 2 mpaka 4 a zilembo zosapitirira 90. Mpata wa pakati pa mawu nawo umawerengedwa ngati chilembo. Makinawo amasankha mitu mpaka itatu ndi mafotokozedwe mpaka awiri, n'kumasinthasintha kuti aone zimene anthu akudina.

Tiyerekeze mayi amene ali ndi malo ogona alendo ku Senga Bay. Mutu wake woyamba ndi "Malo Ogona Abwino Kwambiri ku Salima". Zilembo zakwana 36, ndiye wakanika kulowa. Choyamba kuchotsa ndi "Abwino Kwambiri", chifukwa mawu amenewa adya malo 16 osauza mlendo kanthu. Palibe wogulitsa amene amanyoza katundu wake. "Malo Ogona ku Senga Bay" ndi zilembo 23, ndipo akubwereza zomwe wofufuza uja walemba ndi zala zake. Mitu ina inene zinthu zogwirika: "Zipinda Zoyang'ana Kunyanja" ndi 27, "Kadzutsa Waulere" ndi 16. Kawerengedwe n'komweka ngakhale malondawo alembedwe m'Chingerezi.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi apa. Poona kuti malo achepa, amadula chiganizo pakati: mutu wina "Bwerani ku Senga Bay", wina "Kuti Mudzapume Bwino". Makina sasunga ndondomeko imeneyo. Wachiwiriyo akhoza kutsogola, kapena kutuluka popanda mnzake, owerenga n'kusowa mutu wake. Choncho mutu uliwonse uziima pawokha, ndipo ugwirizane ndi wina aliyense amene angagundane naye. Kulemba mitu 15 yonena chinthu chimodzi nakonso n'kutaya malo, chifukwa itatu yofanana ikhoza kundandalikana pamodzi.

Mawu amene sayenera kusowa, monga dzina la malowo, mayiyu akhoza kuwakhomera pa malo oyamba kapena achiwiri. Malo achitatu si odalirika, chifukwa mutu wachitatu suoneka nthawi zonse. Akakhomera yambiri, makina amasowa zosakaniza, ndipo muyezo wa Ad strength umakonda kutsika.

Mafotokozedwe ndiwo amapereka mpata wouza munthu chochita: "Sungitsani chipinda lero. Ana osakwana zaka 5 amagona ulere." Apa pali zilembo 60, zotsala 30, zokwanira kuwonjezerapo mtengo wa chipinda pa usiku umodzi.