Uthenga Umodzi Wokwanira kwa Mmisiri wa TV

Mlongo wanga wagula TV ya mainchesi 55 ndipo anandifunsa zoti alembere mmisiri wa kusitolo. Inenso poyamba ndinkaona ngati kubweretsa, kupachika ndi kulumikiza ndi ntchito imodzi. Zoona zake n'zakuti ndi ntchito zitatu, ndipo mtengo wa iliyonse uyenera kumveka galimoto isananyamuke.

Chachikulu ndi khoma. Muuzeni ngati ndi la njerwa zootcha, la mabuloko a simenti kapena la zidina. Khoma la zidina limanyenyeka, ndipo chitsulo chopachikira chimazuka ngati msomali wokhomedwa m'thabwa lofumbwa. Mabuloko ali ndi mphako, choncho amafuna mabawuti akeake. Kuseri kwa TV kuli mabowo anayi, ndipo kutalikirana kwake kumalembedwa m'kabuku ngati VESA 300x300. Nambala imeneyi ndiyo imasankha chitsulo choyenera.

Tinalemba motere: "Mwaswera bwanji, bambo? Ndagula TV ya mainchesi 55, VESA 300x300. Chonde mundibweretsere Loweruka m'mawa ku Area 25, ndikudikirirani pamsika. Khoma ndi la njerwa zootcha, soketi ili pafupi. Mubwere ndi chitsulo chopachikira, mulumikize dikoda ndi Wi-Fi, musakenso matchanelo. Ndiuzeni mtengo wa chilichonse pachokha."

Akafika, TV iyatsidwe isanapachikidwe, chifukwa galasi losweka panjira limaonekera likayaka. Pakati pa galasi palingane ndi maso anu mutakhala pampando, ndipo lisiti musunge.