Zala zisanu ndi chimodzi pa chilimira: chomwe chimapotoza makanema a AI

Kanema wopangidwa ndi mapulogalamu a luntha la makompyuta, omwe ambiri akungowatchula kuti AI, amakopa akamaonetsa nyanja, mitambo ndi dzuwa likutuluka. Koma msodzi akangogwira chingwe cha chilimira, zala zimayamba kusungunukira m'chingwemo, zina kuwonjezekera, ndipo akacheuka nkhope imabwerera ili ya munthu wina.

Gwero la vutoli ndi kapangidwe ka makanemawa. Pulogalamuyo ilibe mafupa kapena thupi la munthu lomwe imaliyendetsa. Imayamba ndi timadontho tosokonekera, tonga timene timadzaza wailesi ya kanema mlongoti ukasokonezeka, ndipo imatiyeretsa pang'onopang'ono mpaka titafanana ndi makanema omwe idaphunzirako. Chomwe imadziwa ndi maonekedwe a dzanja, osati chiwerengero cha zala.

Tsono dzanja ndi chiwalo chovuta. Lili ndi mafupa 27, limapindika m'njira zambirimbiri, ndipo pazithunzi zambiri zala zina zimakhala zitabisika kuseri kwa zinzake kapena kwa chinthu chomwe chagwiridwa. Pamwamba pa izo, mapulogalamu ambiri amayamba achepetsa chithunzi kuti ntchito ipepuke, kawirikawiri maulendo 8 m'litali ndi m'lifupi momwe. Pa kanema wa timadontho 1,280 m'litali, dzanja la munthu woima patali pang'ono likhoza kutenga timadontho 40 tokha. Chithunzi chikachepetsedwa, dzanjalo limatsala ndi timalo tisanu, kutanthauza kamalo kamodzi pa chala chilichonse. Mipata ya pakati pa zala pulogalamuyo imangoilota. Madzi ndi mitambo nazonso zimalotedwa chimodzimodzi, kungoti palibe amene amawerenga mafunde.

Nkhope ili ndi vuto lake. Kanema aliyense amayambira pa timadontho tatsopano, choncho mawu akuti “mayi wa zaka 40 wovala chitenje” amabala mayi wosiyana ulendo uliwonse. Ngakhale mkati mwa kanema mmodzi, munthu akatembenuka kapena wina akadutsa patsogolo pake, pulogalamuyo imayenera kuimanganso nkhopeyo, ndipo maso, mano ndi ndolo zimasintha. Diso la munthu silichedwa kugwira kusintha kwa nkhope, ngakhale kochepetsetsa.

Kufupika kwa makanemawa kumachokera pomwepo. Veo 3, yomwe kampani ya Google idatulutsa mu Meyi 2025, idabwera ndi makanema a masekondi 8, pomwe Sora ya OpenAI idatsegulidwira anthu mu Disembala 2024 ndi malire a masekondi 20. Masekondi 8 amaoneka ochepa, koma pa zithunzi 24 pa sekondi ndi zithunzi 192 zomwe ziyenera kugwirizana zonse. Ena amatalikitsa kanema potenga chithunzi chomaliza kukhala chiyambi cha wotsatira. Njirayi imagwira kamodzi kapena kawiri, kenako zolakwika zimaunjikana monga pepala lochitidwa fotokope kuchokera ku fotokope inzake.

Tiyerekeze gulu la amayi ogulitsa usipa m'dera la Mfumu Yaikulu Mwadzama, m'boma la Nkhotakota, likufuna uthenga wa masekondi 40 wolimbikitsa kuyanika nsomba pa thandala m'malo mwa pamchenga. Choyamba kujambulidwa ndi mawu a wofotokoza nkhani, chifukwa ndiwo amalamula utali wa chilichonse, komanso amachotsa kufunika koti munthu wa m'kanema alankhule, pomwe milomo imasemphana ndi Chichewa moonekeratu. Mawuwo agawidwe m'zigawo zisanu ndi zitatu za masekondi asanu, chigawo chilichonse chikhale ndi chochitika chimodzi basi.

Mabwato a nyali ali patali usiku, gombe m'bandakucha, mayi atasenza beseni akuoneka chakumbuyo, mzere wa mathandala padzuwa: izi AI imazitha, pakuti mulibe zala zapafupi kapena nkhope yoyang'ana kamera. Koma manja akumwaza usipa pa thandala, omwe ndiwo mtima wa uthengawo, ajambulidwe ndi foni pagombe pomwepo. Kuumirira kuti pulogalamu ipange chigawochi n'kutaya ndalama za intaneti pa chinthu choti foni wamba ichijambula m'mphindi ziwiri.

Pomwe nkhope iyenera kuoneka, makanema onse ayambire pa chithunzi chimodzi chomwecho, mwini wake atavomereza, ndipo munthuyo asatembenuke mutu kapena kugwira kumaso. Kanema wa masekondi 8 akatuluka, aonedwe pang'onopang'ono, kuimitsa paliponse pomwe dzanja lakhudza chinthu n'kuwerenga zala. Nthawi zambiri masekondi oyambirira ndiwo amakhala abwino, choncho atatu omalizira ndi malo odulira. Pa chigawo chilichonse payenera kusungidwa ndalama zoyesera katatu kapena kanayi, ndipo kanema womaliza alembedwe poyera kuti mbali zina zapangidwa ndi AI.