Imelo yofufutidwa ikamabwereranso

Mwafufuta maimelo akale pa foni kapena pa laputopu, ndipo bokosi laoneka loyera. Mawa lake mutayatsa data, onse aja abwerera mwakale. Ambiri amathamangira kunena kuti ndi vairasi kapena kuti foni yatha. Kawirikawiri si choncho. Vuto limakhala loti pulogalamu yanu ndi seva sizinamvane tanthauzo la kufufuta.

Maimelo anu sakhala mu foni. Amakhala pa seva ya kampani imene inakupatsani adiresi, monga Gmail, ndipo foni imangokuonetsani zimene zili kumeneko. Mapulogalamu ambiri amalankhula ndi seva kudzera mu njira yotchedwa IMAP, imene Mark Crispin anaiyambitsa mu 1986. Mu njira imeneyi kufufuta kuli pawiri. Poyamba imelo imangoikidwa chizindikiro cha `\Deleted`, ngati mmene woyang'anira nkhalango amalembera penti pa mtengo woti udulidwe. Mtengowo ukadali chiimire. Imelo imachokadi pulogalamu ikatumiza lamulo lachiwiri, la `EXPUNGE`. Netiweki ikaduka lamuloli lisanafike, kapena pulogalamu ikakhala yoti siilitumiza yokha, seva imasungabe imeloyo ndipo imatha kuonekeranso foni ikalumikizananso nayo.

Gmail imawonjezera chisokonezo chake. Kumeneko imelo iliyonse imakhala pamalo amodzi, mu All Mail, ndipo Inbox ndi chizindikiro chabe chomatidwa pa imeloyo. Pulogalamu ina ikafufuta imelo mu Inbox popanda kuisamutsira ku Trash, Gmail imangomatula chizindikirocho, imelo n'kutsala mu All Mail. Mukasaka dzina la amene anakutumizirani, mumaipeza ili phee, ikudyabe malo pa 15 GB yaulere ija. Wina akayankha pa nkhani yomweyo, mndandanda wonse umabwerera mu Inbox.

Tiyerekeze mlembi wa pa sukulu amene amawerenga Gmail ya ofesi pa Thunderbird komanso pa iPhone. Wafufuta maimelo 200, koma akubwerabe. Choyamba asiye kaye zipangizo zonsezo, atsegule Gmail pa burawuza. Zimene aone kumeneko ndizo zenizeni. Ayang'ane mu Trash, dzina limene pa maakaunti ena limalembedwa Bin. Ngati maimelo aja mulibe koma ali mu All Mail, ndiye kuti zipangizo zake zakhala zikuwasunga m'malo mowataya.

Pa iPhone, alowe mu zokonzera za akauntiyo mpaka pa Advanced, pamene palembedwa Move Discarded Messages Into, asankhe Deleted Mailbox m'malo mwa Archive Mailbox. Pa Thunderbird, mu Server Settings muli mzere wakuti When I delete a message. Ngati pasankhidwa Just mark it as deleted, imelo imangoikidwa chizindikiro chija basi. Asankhe Move it to this folder, n'kuloza Trash ya Gmail yeniyeniyo.

Mawu akuti yeniyeniyo ndawanena dala, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani ya bini yokana kukhuthuka. Mapulogalamu ena amadzipangira bini yawoyawo, yotchedwa Deleted Messages kapena Deleted Items. Kwa Gmail imeneyi si bini ayi, ndi chizindikiro wamba ngati zina zonse. Gmail imataya yokha zimene zakhala masiku 30 mu Trash, koma lamuloli silikhudza bini yongopangidwayo. Mukaikhuthula, maimelo amangotsala mu All Mail. Mlembi uja akapeza mabini awiri pa burawuza, asamutsire zonse ku Trash, kenako adine Empty Trash now. Achite zimenezi pa burawuza pomwepo, chifukwa maimelo ambirimbiri pa netiweki yofooka amatha kuithera mphamvu foni ntchito isanathe.

Nanga ngati pa burawuza Trash ili mbee koma pa laputopu ikuonekabe yodzaza? Apo seva ilibe mlandu. Mndandanda umene pulogalamu inasunga ndi umene wasokonekera. Pa Thunderbird, adine fodayo ndi batani la kumanja, alowe mu Properties, asankhe Repair Folder. Pa foni, kuchotsa akaunti n'kuiikanso kumathetsa vutoli, koma ayambe watsimikiza kuti akauntiyo ndi ya IMAP. Ya POP imatha kusunga maimelo pa chipangizo chokhacho, ndipo kuichotsa kungawataye onse.

Zikapitirirabe, akumbukire zipangizo zakale. Laputopu ya mnzake amene anasamuka, kapena tabuleti yoiwalika mu kabati, ikhoza kukhala ikulowabe mu akauntiyo ndi malamulo ake osamutsa maimelo. Kusintha pasiwedi kumatsekera kunja zambiri mwa izo, ndipo kenako alowetse zipangizo zake chimodzichimodzi, akuyesa kufufuta imelo imodzi pa chilichonse.

Musanadine Empty Trash now, pendani kaye zimene zili m'menemo. Risiti ya fizi kapena kalata ya ntchito ikachoka mu Trash, batani loibweza palibe.