Pepala limodzi la usiku womaliza mayeso a masamu asanafike

Madzulo oti mawa ndi mayeso a masamu a MSCE, ophunzira ambiri a Fomu 4 amaunjika patebulo makope onse a zaka zinayi n'kuyamba kuwatsegula kuyambira tsamba loyamba. Ena amaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira, chonsecho ili nyengo ya Juni kapena Julayi, ati kuti tulo tisabwere. Pofika m'bandakucha amakhala atadutsamo m'masamba ambirimbiri, koma nthawi yochuluka yathera pa zinthu zimene ankazidziwa kale, ndipo tizinthu tija timene timawagwetsa nthawi zonse angotipatsa mphindi zochepa, maso ali olemera.

Usiku womaliza uli ndi ntchito yaing'ono kwambiri kuposa imeneyo. Zonse zimene wophunzira wadutsamo zili m'magulu atatu. Pali zimene wazigwira bwinobwino, moti ngakhale mutamudzutsa pakati pa usiku angayankhe. Pali zimene sanazimvetse chiyambire, mwina aphunzitsi sanafikepo kapena iye anali atadwala. Ndiye pali zapakati: amazimvetsa, anakhozapo, koma zimamupulumuka akapanikizika. Gulu loyamba silikufuna thandizo. Lachiwiri, tinene zoona, silingapulumutsidwe m'maola atatu. Mutu wonse wa mavekita suphunziridwa madzulo amodzi, ndipo kuutsegula panthawiyi kumangobweretsa mantha. Mamalikisi amene angapulumutsidwe ali m'gulu lachitatu, ndipo pepala la usiku womaliza ndi la gulu limeneli basi.

Vuto n'lakuti munthu sangazindikire zinthu zomupulumukazi pongowerenga. Ukayang'ana fomula m'kope, maso amaizindikira, mtima n'kunena kuti "iyi ndikuidziwa". Koma kuzindikira chinthu chimene chili pamaso pako n'kosiyana ndi kuchitulutsa m'mutu papepala loyera. Akatswiri awiri a ku America, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anaonetsa m'chaka cha 2006 kuti ophunzira amene anawerenga nkhani mobwerezabwereza ankadzikhulupirira kwambiri, koma patatha sabata anakumbukira zochepa kuposa anzawo amene anawerenga kenako n'kudziyesa kukumbukira osayang'ana. Choncho umboni wa zimene zimakupulumuka usaufune m'maganizo ako. Uli m'mapepala a mayeso a moko, m'mayeso a kumapeto kwa teremu, ndi m'mapepala akale a MANEB amene unayeserera: paliponse pamene aphunzitsi anathetha ndi cholembera chofiira.

Tiyerekeze mtsikana wina amene wasonkhanitsa mapepala ake otere. Akudutsa m'zolakwa zake n'kumadzifunsa funso limodzi pa chilichonse: kodi apa sindinadziwe njira, kapena njira ndinkaidziwa koma china chinaterereka? Zimene sanadziwe njira akuzisiya. Zimene zinaterereka kamodzi kokha, monga kukopera nambala molakwika, akuzisiyanso. Akusunga zimene zabwera kawiri kapena kuposa.

Choyamba kupezeka ndi fomula iyi:

```
x = (−b ± √(b² − 4ac)) / 2a
```

Fomulayi amaidziwa pamtima, koma imamugwetsa b akakhala nambala yokhala ndi mayinasi. Tengani `x² − 5x + 6 = 0`. Apa b ndi −5, kotero −b ndi 5, ndipo b² ndi 25. Mkati mwa ruti mumatsala 25 − 24, kutanthauza 1, ndipo mayankho ndi 3 ndi 2. Iye pa moko analemba −5 pamalo pa −b, n'kupeza −2 ndi −3. Pa pepala lina anatayipa `−5²` pa kalikyuleta popanda mabulaketi. Makinawo anamupatsa −25, mkati mwa ruti munakhala −49, ndipo pa sikirini panatuluka `Math ERROR`. Anataya mphindi zingapo akuganiza kuti funso ndi lolakwika. Ndiye pa pepala lake la usiku womaliza sakufunika kulemba mutu wonse. Mzere umodzi wakwana: "b akakhala ndi mayinasi, muike m'mabulaketi: `(−5)²`. Yankho libwezere m'funso." Kubwezerako n'kwa masekondi ochepa: 3 × 3 ndi 9, kuchotsapo 15, kuwonjezera 6, kutsala ziro.

Taonani kuti mzerewu ukunena malo enieni pamene phazi limaterera, ndiponso njira yodzigwirira. Apa m'pamene mapepala ambiri otere amalephera. Wophunzira amakopera mafomula makumi atatu ndi zilembo zing'onozing'ono, pepala n'kusanduka buku lina, ndipo palibe mzere ndi umodzi womwe umene ukukamba za kulakwa kwake kwa iyeyo. N'chifukwa chakenso kubwereka pepala la mnzako kuli ndi phindu lochepa, ngakhale mnzakoyo akhale woyamba m'kalasi. Iye amaterera pena.

Mtsikana uja akupitiriza. Pa manambala otsatizana monga 3, 7, 11, amaiwala kuti fomula ndi `a + (n − 1)d`, iye n'kuchulukitsa ndi n, moti nambala yachikhumi amaipeza 43 m'malo mwa 39. Akulemba fomulayo, pambali pake n'kuikapo choyesera: "ika n = 1; ngati sunapeze nambala yoyamba, walakwitsa." Pa `−2x > 6` amaiwala kutembenuza chizindikiro pogawa ndi nambala ya mayinasi, yankho ndi `x < −3`, ndipo kuyesa ndi −4 kumapereka 8, amene ndi wamkuludi kuposa 6. Pa zithunzi zofanana maonekedwe, mbali zikakhala 2:3, kukula kwa malo kumakhala 4:9 ndipo kuchuluka kwa zolowa mkati kumakhala 8:27. Pomaliza pali kanthu kosakhudza ubongo n'komwe: kalikyuleta. Ngati wina anaibwereka n'kuisintha, mayankho onse a ma engo adzakhala olakwika ngakhale njira ili yolondola. Kuyesa kwake n'kutayipa `sin 30`. Ikapereka 0.5 ili bwino. Ikapereka −0.988, ndiye kuti ili pa `RAD` ndipo iyenera kubwezeredwa pa `DEG`.

Mizere yotere ikakwana khumi kapena khumi ndi isanu, imani. Tsamba limodzi, mbali imodzi, zilembo zowerengeka. Malire amenewa ali ndi ntchito, chifukwa amakakamiza munthu kusankha. Ngati mizere yapitirira makumi awiri, kawirikawiri ndiye kuti zinthu za m'gulu loyamba zalowamo pofuna kudzisangalatsa, kapena za m'gulu lachiwiri zalowamo chifukwa cha mantha.

Kalembedwe kake nakonso kali ndi nzeru. Pindani pepala pakati kuchokera pamwamba kutsika. Kumanzere lembani funso lalifupi, monga "nambala yachikhumi ya 3, 7, 11?", kumanja yankho ndi chenjezo. Powerenga, mbali ya mayankho ikhale yobisika. Yankhani papepala lina, osati mumtima, kenako tsegulani muone. Chimene mwakhoza kawiri motsatizana ikani kachizindikiro n'kuchileka. Zotsalazo ndizo za m'mawa. Ngati pali mchemwali kapena mng'ono pakhomo, amene sadziwa n'komwe masamu a Fomu 4, angathe kugwira pepalalo n'kumafunsa, chifukwa mayankho ali pomwepo.

Ntchito yonseyi imatenga ola limodzi ndi theka kapena awiri, ndipo ndi bwino kuiyamba masana. M'miyezi yozizira dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, ndipo magetsi sangadaliridwe tsiku lililonse. Amene ayamba 3 koloko amafika pa chakudya chamadzulo pepala litatha kale.

Zotsalazo n'zokhazika mtima pansi, ndipo zambiri ndi zamanja. Musanadye, longedzani: chiphaso cha mayeso, zolembera ziwiri zimene mwaziyesa kuti zikulemba, pensulo yosongola kale, rabala, rula, kampasi yolimba pakhosi, pulotilakita ndi kalikyuleta yoyesedwa ija. Onaninso ndandanda ya mayeso ndi maso anu, tsiku, nthawi ndi pepala lake, osadalira zimene mnzanu wanena. Yunifolomu ndi juzi zikhale poonekera. Chilichonse chimene chakonzedwa madzulo ndi nkhawa imodzi imene sidzakudzutsani 2 koloko usiku. Idyani chakudya chimene mimba yanu inazolowera. Tiyi wamphamvu, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zilekeni kuyambira masana, chifukwa patatha maola pafupifupi asanu theka la kafini amene mwamwa limakhala likadali m'thupi.

Foni ndiye mdani wamkulu usiku umenewu. M'magulu a ophunzira mumayamba kuzungulira mapepala amene akuti "atuluka", ndi mauthenga oti "mawa kubwera zakuti". Ambiri mwa mapepalawa ndi abodza, ndipo ngakhale atakhala enieni, kupezeka nawo ndi mlandu umene ungachititse kuti zotsatira zanu zifafanizidwe. Kungowawona kokha kumasokoneza munthu amene anali atakhazikika. Zimitsani foni, kapena ipatseni amayi asunge, bola pakhale wokudzutsani.

Makolo ena amaona ngati mwana wogona 9 koloko usiku wa mayeso ndi waulesi. Si choncho. Kale mu 1924, John Jenkins ndi Karl Dallenbach a ku yunivesite ya Cornell anapeza kuti ophunzira amene analoweza zinthu n'kugona anakumbukira zambiri kuposa pamene anakhala maso kwa maola ofanana, ndipo kafukufuku wa pambuyo pake watsimikiza kuti tulo timathandiza ubongo kukhazikitsa zimene waphunzira. Madokotala amati wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10. Komanso masamu amafuna kusunga manambala angapo m'mutu nthawi imodzi, ndipo luso limeneli limafooka msanga munthu akapanda kugona. Zolakwa za mayinasi ndi mabulaketi zija zimachuluka kwambiri mwa munthu wotopa. Amene wachezera usiku wonse amakhala akudyetsa zolakwa zomwe pepala lija limafuna kuchotsa.

Nanga tulo tikakana? Zimachitika, ndipo usiku umodzi wogona mochepa sugwetsa munthu amene wakonzekera. Kudzikakamiza n'kumawerengetsa maola otsala ndiko kumathamangitsa tulo. Gonani chagada, pumirani mkati pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 4, n'kutulutsa mpweya mukuwerenga mpaka 6, kwa mphindi zingapo. Ngati ganizo lina likuvutitsa, monga "bwanji ndikaiwala fomula ya kosaini", dzukani mulilembe pansi pa pepala lija kuti mudzalione m'mawa, osatsegulanso buku. Opemphera apemphere nthawi yomwe anazolowera.

M'mawa, mutadya phala kapena mbatata, dutsani m'mizere yopanda kachizindikiro ija kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, mobisa mayankho ngati dzulo. Kenako pepalalo lisiyeni kunyumba kapena ku hositelo. Izi n'zofunika kwambiri: pepala lolembedwa mafomula likapezeka m'thumba mwanu m'chipinda cha mayeso, oyang'anira adzalitenga ngati likasa, ndipo mawu oti munangoiwala kulitulutsa sadzakuthandizani. Pisani m'matumba onse musanafike pakhomo, ndipo yang'ananinso m'chivundikiro cha kalikyuleta ndi m'kabokosi ka kampasi. Pabwalo la sukulu pewani timagulu tofunsana mafunso omaliza, chifukwa nthawi zonse pamakhala wina wotchula mutu umene simunauwerenge. Oyang'anira akalola kuyamba kulemba, mafomula awiri kapena atatu amene amakuvutani kwambiri mungawalembe ndi pensulo, kuchokera m'mutu, pamalo owerengetsera, musanayambe funso loyamba.