Mutu wa bwato uloze kuti powoloka Shire?

Pakati pa Bangula ndi Makhanga, m'boma la Nsanje, anthu amawoloka Shire pa mabwato, atanyamula njinga, matumba a chimanga, ngakhale odwala. Mukaima pa dooko n'kuyang'anitsitsa wopalasa wozolowera, muona kuti mutu wa bwato lake suloza kumene akupita. Umaloza chakumtunda kwa mtsinje, bwatolo n'kumayenda chammbali, koma n'kukakocheza ndendende pamene pali anthu omudikira. Wopalasayo sawerengera chilichonse papepala, komabe zimene manja ake akuchita zili ndi masamu ake, ndipo masamuwo amatiuza zinthu zingapo zimene maso okha amatinamiza.

Choyamba kumvetsa n'chakuti bwato lili ndi maulendo awiri nthawi imodzi. Ulendo woyamba ndi umene nkhafi kapena injini ikulipatsa pamwamba pa madzi. Wachiwiri ndi wa madzi enieniwo, amene akutsika ndi zonse zili pamwamba pawo. Zili ngati mwana amene akukwawa kudutsa mphasa pamene wina akuikoka mphasayo: mwanayo akudziwa zoti akupita kutsogolo, koma woonera pambali akuona kuti akupita kutsogolo ndi kumbali pamodzi. Liwiro la bwato poyerekeza ndi madzi ndi lina, liwiro lake poyerekeza ndi gombe ndi linanso. Wopalasa amalamula loyambalo, koma dooko lili pa gombe, choncho chimene chimamufikitsa ndi lachiwirilo.

Tiyeni tiike manambala oyerekeza, osavuta kuwerengera. Tinene kuti pamalo owolokerapo mtsinje ndi wotambalala mamita 400. Bwato lodzaza, pa madzi odikha, limayenda mamita 100 pa mphindi. Madzi akutsika mamita 60 pa mphindi, ndipo poyamba tiyerekeze kuti akuthamanga chimodzimodzi kuchokera gombe lino mpaka tsidya.

Wopalasa woyamba aloza mutu wa bwato molunjika tsidya, osaupotoza n'komwe. Mphamvu yake yonse ikupita pa kudula mtsinje, ndiye mphindi iliyonse akudula mamita 100, ndipo mamita 400 awamaliza pa mphindi 4. Apa pali mfundo imene ambiri amaikana akangoimva: kuthamanga kwa madzi sikunawonjezere ngakhale sekondi imodzi pa nthawi yowolokayi. Madzi akukankhira kumunsi, sakukankhira kumbuyo. Chimene achita n'kumutenga mamita 60 pa mphindi iliyonse, moti pa mphindi 4 akakocheza mamita 240 kumunsi kwa dooko. Njira imene bwato layenda yatalika, yafika pafupifupi mamita 466, koma laiyendanso mofulumirapo chifukwa madzi amalithandiza, ndipo ziwirizi zikufafanizana. Palibe njira ina yofikira tsidya msanga kuposa imeneyi. Ngati cholinga n'kungotuluka m'madzi mwamsanga, monga bwato likayamba kulowa madzi, uku ndiye kuloza koyenera, bola kumunsiko kukhale kokochezeka.

Vuto n'lakuti kumunsi sikukhala kokochezeka nthawi zonse. Kungakhale bango lowirira, matope, chiphompho kapena namasupuni wotsekeratu gombe. N'chifukwa chake wopalasa wachiwiri, amene akufuna kukafika pa dooko lenileni lopenyana ndi pamene wanyamukira, amapotozera mutu wa bwato chakumtunda. Mphamvu yake tsopano yagawika pawiri. Gawo lina likulimbana ndi madzi, ndipo liyenera kukwana mamita 60 pa mphindi, osachepera osapitirira, kuti bwato lisatsike kapena kukwera. Lotsalalo ndilo likudula mtsinje.

Munthu angafulumire kunena kuti 100 kuchotsapo 60 kwatsala 40. Ayi ndithu, chifukwa maulendo awiriwa sali pa mzere umodzi. Umodzi ukutsata mtsinje, wina ukuudula, ndipo pamodzi ndi kumene mutu wa bwato waloza akupanga thirayango ya ngodya yowongoka. Mbali yaitali ndi liwiro la bwato, 100. Lamulo la Pythagoras likuti tichulukitse 100 ndi 100, tipeza 10,000. Tichulukitse 60 ndi 60, tipeza 3,600. Tikachotsera, patsala 6,400. Nambala imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka 6,400 ndi 80. Choncho bwato likudula mamita 80 pa mphindi, ndipo mamita 400 atenga mphindi 5. Kufika pa dooko lenileni kwadya mphindi imodzi yokha yowonjezera. Kwa munthu amene akanayenda mamita 240 m'matope ali ndi thumba pamutu, umenewo ndi mtengo wotsika kwambiri.

Nanga apotoze motani? Kwa ana a sukulu, ngodyayo imapezeka ndi sin θ = 60/100, yomwe ndi madigiri pafupifupi 37 kuchokera pa mzere wolunjika tsidya. Pa mtsinje palibe amene amayenda ndi choyezera madigiri, koma thirayango yomweyo imanena zomwezo m'njira yooneka ndi maso: pa mamita 80 aliwonse odula, mutu uloze mamita 60 chakumtunda. Pa mtsinje wa mamita 400, ndiye kuti ponyamuka mutu uloze malo amene ali mamita 300 kumtunda kwa dooko.

Onani kuti ndi 300, osati 240. Pano ndi pamene ngakhale ophunzira anzeru amaphonya. Amaganiza kuti popeza madzi anamutenga woyamba uja mamita 240, kungoloza mamita 240 chakumtunda kukwanira. Koma bwato lopotoka limakhalitsa m'madzi, ndipo likakhalitsa madzi amapeza nthawi yochuluka yolitenga. Woloza pa 240 amakakocheza mamita pafupifupi 40 kumunsi kwa dooko. Komanso malo a pa mamita 300 aja ndi ongoyambira kuloza. Ngodya ndiyo iyenera kusungidwa ulendo wonse. Mukamatsata mtengo umene munauloza poyamba, mutuwo uzipotokerabe chakumtunda ndipo mudzalidumpha dooko.

Kulakwitsa kofala kwambiri, makamaka kwa ophunzira kupalasa, n'kumaloza mutu wa bwato pa dooko nthawi zonse. Zimamveka zanzeru: kumene ukupita ndiko uyang'ane. Koma poyamba madzi amalitenga bwato popanda chowaletsa. Wopalasa akaona dooko lili chakumtunda amapotoza pang'ono, madzi n'kumutengabe, iye n'kupotozanso, mpaka njira yake kukhala ngati uta. Chigawo chomaliza amapalasa molunjika kumtunda, akungopindula mamita 40 pa mphindi, pa nthawi imene mikono yatopa kale. Ndi manambala athu aja, ulendo wotere umatenga mphindi 6 ndi masekondi 15, pamene wosunga ngodya imodzi wafika pa mphindi 5.

Pali njira yosavuta yodziwira ngati mukutengedwa. Musanyamuke musanapeze zinthu ziwiri tsidya zimene zili pa mzere umodzi ndi dooko: china pafupi ndi madzi, monga mtengo wa pa gombe, china patali kumbuyo kwake, monga mgwalangwa wautali, denga la malata kapena nsonga ya phiri. Zikamaonekabe chimodzi kuseri kwa chinzake, muli pa mzere. Chakutalicho chikayamba kutulukira mbali ya kumunsi, madzi akukutengani, potozani chakumtunda. Chikatulukira mbali ya kumtunda, mwapotoza mopitirira ndipo mukuwononga mphamvu. Chizindikiro chimenechi n'chodalirika kuposa kuwerengera kwina kulikonse, chifukwa chimaonetsa zimene zikuchitikadi poyerekeza ndi nthaka, kuphatikizapo kukankha kwa mphepo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi momwe manambalawa amasinthira madzi akayamba kukwera. Shire wa kumunsi amalandira madzi a Ruo pa Chiromo, ndipo Ruo amachokera ku mapiri a Mulanje, moti mvula ikagwa yambiri kumapiri, mtsinje umasintha ngakhale kuchigwa kuli ng'amba. Anthu a m'derali anaziona mu 2015, anazionanso pa namondwe Freddy mu 2023. Tibwerere ku bwato lathu la mamita 100 pa mphindi. Madzi akakwera liwiro kuchoka pa 60 kufika pa 80, mutu uyenera kupotoka madigiri pafupifupi 53, liwiro lodulira litsika kufika pa 60, ndipo ulendo utenga mphindi 6 ndi masekondi 40. Izi n'zopiririka. Koma akafika pa 96, liwiro lodulira litsala 28 yokha, ndipo ulendo upitirira mphindi 14, wopalasa akupalasa ndi mphamvu zake zonse. Nthawi siikula pang'onopang'ono. Imakhala ngati yadekha kenako n'kulumpha. Ndipo munthu akapalasa chotero amatopa, liwiro lake n'kutsika, mpaka kutsikira pansi pa la madzi ali pakati pa mtsinje. Katundu wochuluka amachitanso chimodzimodzi, chifukwa bwato lomira kwambiri m'madzi limayenda pang'onopang'ono. Thumba limodzi lowonjezera silioneka kanthu m'chilimwe, koma m'dzinja lingachotse kampata kochepa kamene kanatsala pakati pa liwiro la bwato ndi la madzi.

Madzi akaposa bwato, palibe ngodya ina iliyonse imene ingalifikitse pa dooko lopenyana nalo. Tinene kuti akutsika mamita 125 pa mphindi. Woloza molunjika tsidya awolokabe pa mphindi 4, koma atengedwa mamita 500. Wopotoza mopitirira akhalitsa m'madzi ndipo atengedwanso kutali. Pakati pa ziwirizi pali ngodya imene imachepetsa kutengedwako, ndipo pano kugawa kumatembenuka: sin θ = 100/125, madigiri pafupifupi 53. Bwato lidula mamita 60 pa mphindi likutsika mamita 45 pa mphindi, ndipo pa mphindi 6 ndi masekondi 40 likakocheza mamita 300 kumunsi. Kuchepera apo sizingatheke. Wofuna kufika pa dooko ayenera kuyamba wakwera mamita 300 kapena kuposerapo m'mbali mwa gombe, kenako n'kudula.

Kukwera m'mbali mwa gombe kumatheka chifukwa mtsinje weniweni suthamanga chimodzimodzi paliponse monga tinayerekezera. M'mphepete madzi amakhala ofooka, chapakati ndi kunja kwa makhotolo amakhala amphamvu. Ndiye ngodya yosungira mzere imakhala yaing'ono ponyamuka, yaikulu pakati, n'kucheperanso poyandikira tsidya. Izi zikukhudzanso kayezedwe. Mungathe kuponya chitsononkho m'madzi, n'kuyenda nacho limodzi pa gombe kwa mphindi imodzi mukuwerenga mapazi, ndipo mtunda umenewo ndiwo liwiro la madzi. Koma chitsononkho chogwera pafupi ndi bango chidzakupatsani nambala yochepa kuposa imene mukakumane nayo pakati. Ponyani patali momwe mkono ungathere, kapena yang'anani namasupuni woyandama chapakati pa mtsinje, muwerenge nthawi imene akutenga kuchoka pa mtengo wina wa tsidya kufika pa unzake. Akamayenda mofulumira ngati mmene bwato lanu lodzaza limayendera pa madzi odikha, tsitsani katundu wina, kasakeni powolokera pena, kapena dikirani madzi aphwe.