Ulendo wochoka mu League Two kukafika ku Wembley: mmene timu yosauka imatengera zikho mu Career Mode

Wina aliyense angathe kutenga ligi ndi Real Madrid kapena Manchester City pa gemu ya mpira. Ndalama zilipo, akatswiri alipo, ntchito ya mphunzitsi n'kungosankha oyamba. Koma mu EA Sports FC, gemu yomwe inkatchedwa FIFA mpaka 2023, muli njira ina yovuta imene okonda Career Mode amaitcha Road to Glory. Umatenga timu ya pansi penipeni, n'kuyenda nayo mpaka itanyamula zikho zikuluzikulu. Amene amalephera ulendowu kawirikawiri si osadziwa kumwetsa zigoli. Amagwa chifukwa chowononga ndalama za sizoni yoyamba pa chinthu cholakwika.

Tiyerekeze kuti mwasankha Grimsby Town, timu ya mu League Two, ligi yachinayi ya ku England. Muli matimu 24, ndipo iliyonse imasewera magemu 46. Atatu apamwamba amakwera okha kupita mu League One, pamene a nambala 4 mpaka 7 amalimbirana malo amodzi otsala pa ndime ya chipulula. Kuti mufike mu Premier League muyenera kukwera katatu. Wosewera aliyense ali ndi nambala yotchedwa Overall yosonyeza luso lake lero, ndipo mu ligi imeneyi ambiri amakhala pakati pa 55 ndi 65, pamene akatswiri a dziko lonse amayandikira 90. Ndalama zogulira osewera zimene mabwana a timu amakupatsani sizingagule ngakhale wosewera wa pabenchi wa Premier League.

Chiyeso choyamba n'chakuti muthire ndalama zonsezo pa womwetsa zigoli mmodzi wa zaka 30 amene ali pa 68. Adzakuthandizani miyezi ingapo, koma pa msinkhu umenewo nambala yake yatsala pang'ono kuyamba kutsika, mtengo wake ukutsika nayo limodzi, ndipo malipiro ake a sabata ndi sabata adya za anthu atatu. Mukakwera ligi mudzapeza kuti mulibe womugulitsa, mulibenso chogulira.

Ndalamazo zipite ku Youth Academy, nazale ya timu. Kumeneko mumalemba ntchito ofufuza osewera achichepere, osapitirira atatu. Aliyense ali ndi nyenyezi, kuyambira imodzi mpaka zisanu, pa zinthu ziwiri: Experience, imene imakhudza kuchuluka kwa ana amene adzakupezereni, ndi Judgement, imene imakhudza ubwino wa anawo. Wa nyenyezi zisanu mbali zonse amadula kwambiri kwa timu ngati Grimsby, choncho tengani amene mungakwanitse, koma muike mtima pa Judgement. Mumamutumiza kudziko limene mwasankha kwa miyezi 3, 6 kapena 9, ndipo mwezi uliwonse amakutumizirani lipoti.

Kuwerenga lipotilo ndiye luso lenileni. Mwana aliyense amabwera ndi nambala yachiwiri, Potential, yosonyeza pamene angadzafike, koma poyamba imaoneka ngati mpata waukulu, mwachitsanzo 62 mpaka 90. Ambiri amatengeka ndi 90 uja n'kuiwala kuti choonadi chingakhale kufupi ndi 62. Yang'anani nambala yapansi. Mwana wa 78 mpaka 92 ndi wodalirika kuposa wa 62 mpaka 94. Onaninso mtengo wake pamsika: akaposa kwambiri anzake amsinkhu umodzi, gemu ikukuuzani mobisa kuti ameneyu ndi wapadera. Mukazengereza, timu ina ikhoza kumutenga.

Tinene kuti mwapeza mnyamata wa zaka 16, wosewera pakati, Overall yake 58. Mwamukweza kulowa mu timu yaikulu. Pa tsamba lake, ngati mwaona mawu akuti Showing Great Potential, angafike pa 80 kapena kupitirira pang'ono. An Exciting Prospect ndi wapamwamba kuposa pamenepo, ndipo Has Potential to be Special ndi amene angadutse 90. Mupatseni Development Plan yogwirizana ndi malo ake, kenako chofunika koposa, muzimuseweretsa. Apa ndi pamene timu yaing'ono imaposera yaikulu. Ku Manchester City mwana wa 58 sangalowe m'bwalo, koma mu League Two ali pafupi ndi anzake onse. Kuyambira FIFA 20, Potential imasintha malinga ndi kasewero: amene akusewera bwino imakwera, wongokhala pabenchi imatsika. Mbande ikakhalitsa pa nazale simakula, iyenera kuwokeredwa m'munda.

Pakatha masizoni awiri mnyamata uja akhoza kufika cha m'ma 70, ndipo matimu akuluakulu ayamba kugogoda. Apa mtima umawawa, koma kugulitsa ndi gawo la ulendo. Ngati muli ndi ana atatu abwino, gulitsani mmodzi pa mtengo wokwera, ndipo pokambirana muikemo Sell-on Clause kuti akadzagulitsidwanso mudzalandireko gawo. Ndalama zake zilembe wofufuza wa nyenyezi zisanu ndi kugula goloboyi ndi wotchinga kumbuyo odalirika. Otsalawo apatseni makontirakiti aatali, ndipo muonetsetse Release Clause: ikakhala yotsika, timu ina imangolipira mtengowo n'kulankhula ndi wosewerayo inu osatha kukaniza. Mipata yotsala idzazeni ndi osewera opanda timu a pa Free Agents ndi obwereka pangongole kumatimu akulu.

Tsono chikho choyamba chikhale chiti? FA Cup ndi Carabao Cup zili ndi matimu a Premier League, choncho kupambana magemu awiri atatu n'kulandira kangachepe n'kokwanira pa sizoni yoyamba. Chikho chanu ndi EFL Trophy, chimene dzina lake pa gemu limasintha malinga ndi kampani yothandiza. Amapikisana ndi matimu a League One ndi League Two, ndipo fainolo yake imaseweredwa pa Wembley. Kumeneko simukumana ndi akatswiri a 85, mukumana ndi anthu oposa anu pang'ono chabe.

Chimene chimagwetsa matimu aang'ono pofika pamenepa ndi kutopa. Magemu 46 kuphatikizapo zikho zitatu ndiye kuti nthawi zambiri mukusewera Loweruka ndi Lachiwiri. Mukadalira anthu 11 omwewo, pofika Disembala mudzaona zizindikiro: mzere wa mphamvu pansi pa dzina la wosewera sudzaza gemu isanayambe, akumbali amalephera kubwerera pofika mphindi 60, mukuchinyidwa zigoli zakumapeto, ndipo ovulala akuchuluka. Mankhwala ake n'kukonza mndandanda wa oyamba uwiri pa Team Sheets, wina wa ligi, wina wa pakati pa sabata, wodzaza ndi ana a nazale. Mwatero mwapumitsa akuluakulu, mwakulitsanso ana. Musasinthenso mopitirira, chifukwa wosewera akakhalitsa osasewera Sharpness yake imatsika ndipo amasewera pansi pa nambala yake.

Musaiwale mabwana. Pa Board Expectations amalemba zofuna zawo, monga malo a mu ligi, kasamalidwe ka ndalama ndi kukweza achinyamata. Yambani ndi zimene aziika patsogolo, chifukwa mukazinyalanyaza akhoza kukuchotsani ntchito ana anu asanakhwime.

Luton Town idakwera kulowa mu League Two mu 2014 ndipo idafika mu Premier League mu 2023, zaka zisanu ndi zinayi. Pa gemu mungathe kufulumirapo, koma musathamange kuposa timu yanu. Kukwera ndi osewera amene sadafike pa muyezo wa ligi yatsopano kumabweretsa sizoni ya kugonjagonja ndi mabwana okwiya. Musanalowe ligi iliyonse, yerekezani Overall ya oyamba anu ndi ya timu ya pakatikati kumeneko. Mukaperewera ndi manambala oposa asanu, gulitsani mwana mmodzi nthawi yogula ndi kugulitsa osewera isanatseke, mulimbitse kumbuyo, kenako muyambe kuganiza za chikho chotsatira.